Avereji ikabisa mabanja osauka: werengani bwino histogalamu

Mukayendera mabanja n'kulemba ndalama zomwe amapeza pamwezi, manambalawo amaonetsedwa pa tchati chotchedwa histogalamu. Ndalama zimagawidwa m'magulu, ndipo gulu lililonse limakhala ndi mzati wake. Mzati ukatalika ndiye kuti m'gululo muli mabanja ambiri. Amene akujambula ndiye amasankha kukula kwa magulu, ndipo chisankhocho chikhoza kubisa mabanja omwe ana awo ali pachiopsezo cha kunyentchera.

Tiyerekeze kuti mwayendera mabanja 20. Asanu ndi limodzi amapeza K20,000 pamwezi, asanu ndi atatu K40,000, anayi K80,000, lina K300,000, ndipo la mwini chigayo K900,000. Zonse pamodzi ndi K1,960,000, choncho avereji ndi K98,000. Komatu mabanja 18 sakufika pa avereji imeneyi. Mabanja awiri okha ndi amene aikokera m'mwamba.

Pali lamulo lachidule loti mupeze nambala yomwe mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsani chiwerengero cha mabanja, ndipo magulu akhale ochuluka chomwecho. Pa mabanja 20 ndiye kuti magulu anayi kapena asanu, lililonse la K200,000. Pa ndalama lamuloli silithandiza. Mabanja 18 aja aunjikana mumzati umodzi, wa K20,000 n'kuoneka wofanana ndi wa K80,000. Mukachepetsanso kwambiri, gulu n'kukhala la K5,000, mukhala ndi magulu pafupifupi 180, ambiri opanda kanthu.

Yesani K25,000. Mzati woyamba ukhala ndi mabanja 6, wachiwiri 8, wachitatu ulibe, wachinayi 4. Tsopano osaukitsitsa aja akuonekera paokha. Ine ndimati sankhani kukula kwa gulu poyang'ana pomwe pali anthu ambiri, osati poyang'ana wolemera kwambiri. Gwirizananinso za malire musanayambe kuwerenga: banja la K25,000 yeniyeni lilowe gulu lachiwiri, lisawerengedwe kawiri.

Tchati chotere chimakhala ndi mulu kumanzere ndi mchira wautali kumanja. Mukaona mchirawo, musadalire avereji. Ndandalikani mabanja kuyambira wopeza zochepa, n'kutenga wapakati. Apa banja la nambala 10 ndi la nambala 11 onse amapeza K40,000, ndipo imeneyi ndiyo mediyani. Avereji ikaposa mediyani kwambiri chonchi, dziwani kuti mchira uli kumanja. Masiku omwe odwala amagona m'chipatala nawonso amaoneka motero: ambiri amatuluka msanga, ochepa amakhalitsa.

Chenjerani ndi mzati womaliza wolembedwa kuti "K100,000 kupita m'tsogolo". Umasunga malo papepala, koma wameza mtunda wa K800,000 pomwe anzake ndi a K25,000 okha, ndipo mchira suonekanso. Ngati mwaugwiritsa ntchito, ulekanitseni ndi mizati inayo ndipo lembani pansi pake ndalama za mabanja awiriwo.