Njala ndi chisanu ndizo zikupha ana a mbuzi

A Mkonzi,

Yankho lanu kwa mlimi wofunsa chifukwa chake ana a mbuzi amafa sabata yoyamba landikhumudwitsa. Mwamuuza kuti agule jakisoni. Jakisoni athetsa njala?

Kuno ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Mulanje, chiperoni chikawomba mu Juni, kamwana kobadwa usiku kamagona konyowa, kulephera kuimirira, osayamwa. Mkaka woyamba wachikasu uja ndiwo umakateteza ku matenda, ndipo pakatha maola 24 matumbo ake salandiranso chitetezocho. Kayamwe pasanathe maola awiri. Kolemera makilogalamu awiri kamafunika mamililita pafupifupi 200 tsiku loyamba, pang'onopang'ono. Make akakakana, m'gwireni, mukame kaye bere kuti litseguke.

Mukanamuuza mlimiyo kuti alowetse chala m'kamwa mwa kamwanako. Mukakhala mozizira ndipo sikakuyamwa chalacho, akapukute, akafunditse chiguduli pafupi ndi moto, kayambe katenthedwa. Kuthira mkaka m'kamwa mwa kamwana kozizira n'kukatsamwitsa.

Za mchombo simunanene kanthu. Auviike mu ayodini tsiku lomwe kabadwa, apo ayi tizilombo ta m'ndowe tilowera pamenepo, mawondo n'kutupa.

Woweta mbuzi,
Phalombe