Uthenga wa Pasaka wa Komiti ya Mpingo: Kodi Maina a Anthu Atchulidwe?

Uthenga wa Pasaka umene komiti ya mpingo imalembera akhristu ake ndi wosiyana ndi ulaliki, pakuti ulaliki ndi ntchito ya mbusa kapena wansembe yomasulira Malemba, pamene uthengawu ndi mawu a anthu osankhidwa pakati pa akhristu anzawo, amene amayembekezeka kudziwa zochitika m'makomo. Mu mpingo wa CCAP bungwe lotere ndi sesheni, ndiko kuti msonkhano wa mbusa ndi akulu a mpingo, ndipo mu mpingo wa Katolika ndi khonsolo ya tchalitchi, imene imadalira atsogoleri a miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana opemphera pamodzi. Chovuta chake n'chakuti kalata imodzi, yowerengedwa pa nthawi ya zolengeza kenako n'kutumizidwa pa WhatsApp, iyenera kumveka ngati yolembedwera munthu aliyense payekha, chikhalirecho omvawo ndi mazana, ena ali pachisangalalo ndipo ena ali pachisoni.

Alipo amene amati njira yake ndi kutchula maina ndi zochitika zenizeni, ndipo mfundo yawo ili ndi maziko m'Malemba momwe. Pa Yohane 20, Mariya wa ku Magadala sanazindikire Yesu wouka kwa akufa mpaka pamene anaitanidwa ndi dzina lake, ndipo pa Aroma 16 Paulo akupereka moni kwa anthu oposa makumi awiri powatchula mmodzimmodzi. Ofuna kutchula mainawa amanenanso, ndipo apa sakulakwa, kuti kalata yongodzaza mawu a madalitso ndi chigonjetso siilabadiridwa, chifukwa akhristu amaizindikira msanga. Chizindikiro chake ndi chosavuta: ngati mlembi angasinthe chaka ndi dzina la mpingo pamwamba, kalatayo n'kugwirabe ntchito kwina kulikonse, ndiye kuti sinalankhule ndi munthu aliyense.

Otsutsa maganizowa sakana kuti dzina limakhudza mtima, koma amayang'ana amene sanatchulidwe. Mlembi wa komiti sadziwa akhristu onse mofanana, pakuti amadziwa bwino okhala pafupi ndi tchalitchi, a m'makwaya, a m'mabungwe a amayi monga Mvano ndi Chigwirizano, ndiponso opeza bwino amene dzanja lawo limaoneka pa chitukuko. Kalata ikapepesa mabanja asanu oferedwa n'kuiwala lachisanu ndi chimodzi, banja loiwalikalo limamva kuti maliro ake sanawerengedwe, ndipo chilonda chotere chimakhalitsa kuposa chitonthozo cha asanu aja. Kutchula wodwala kumaulula zimene mwiniwake mwina anafuna kusunga, makamaka popeza uthenga wa pafoni sukhala mu mpingo mokha, umafika kwa abale a ku Joni ndi kwa anthu apadera tsiku lomwelo. Kuyamika opereka ndalama zambiri pa tsiku la Pasaka nako kumagawa mpingo pawiri. Tsono palinso odulidwa, amene aimitsidwa kudya Mgonero chifukwa cha chilango cha mpingo, omwe amakhala m'tchalitchi momwemo akumvetsera ngati kalatayo ikuwawerengera kapena ayi.

Mbali yachiwiriyi ndiyo ikulemerapo, komabe mbali zonse ziwiri zikuphonya pamodzi poganiza kuti kukhudza munthu ndi kutchula dzina n'chinthu chimodzi. Chimene chimachititsa womva kuona kuti kalata ikumudziwa ndi kutchula molondola zimene iye wadutsamo, ndipo zimenezi zimatheka popanda dzina.

Chitsanzo chabwino ndi Pasaka ya pa 9 Epulo 2023, imene inafika pasanathe mwezi kuchokera pamene namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kumwera kwa Malawi, n'kupha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena. Tiyerekeze komiti ya mpingo wa ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche kumene matope ndi miyala zinakokolola nyumba. Kalata yoyamba ndi mawu akuti mpingo ukusangalala chifukwa Mulungu wawasunga onse mpaka lero ikanakhala yopweteka, chifukwa ikanatanthauza kuti amene anafa sanasungidwe. Kalata yondandalika maina a omwalira ikanaphonyanso, popeza panthawiyo matupi ena anali asanapezeke ndipo mabanja ena anali obalalika m'misasa ya m'masukulu. Njira yachitatu inali kulemba motere: "Ena mwa ife tabwera lero kuchokera ku misasa, ena tataya okondedwa, ena tikudikirabe uthenga wa abale athu, ndipo ena nyumba zathu zinatsala koma tulo sitikupeza mvula ikayamba." Chiganizochi sichitchula munthu, koma magulu anayi akudzipezamo, kuphatikizapo opulumuka amene kawirikawiri amaiwalika. Mawu akuti "ena mwa ife" akuika komitiyo pakati pa ovutikawo, pamene "ena mwa inu" akanaiika patali ngati alendo odzapepesa. Pambuyo pake pokha m'pamene uthenga wa kuuka kwa akufa ukanalowa, kudzera mwina pa Luka 24, pamene ophunzira awiri opita ku Emau anayamba afotokoza chisoni chawo asanazindikire amene akuyenda naye.

Ngakhale chaka chopanda tsoka lalikulu chimafuna kusamala komweko, chifukwa Pasaka, imene imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, imapeza Malawi kumapeto kwa dzinja, pamene ena ayamba kudya mondokwa ndi maungu koma ena akuona kale kuti munda sunabereke. Mu 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28 kutatsala sabata imodzi kuti Pasaka ifike, moti kalata yothokoza chifukwa cha zokolola ikanamveka ngati chipongwe m'mipingo yambiri.

Kalembedwe kotere kamadalira ntchito yochitika kalata isanayambike. Kutatsala masabata awiri, mkulu wa mpingo aliyense kapena mtsogoleri wa mphakati ayenera kufotokozera komiti zimene zachitika m'dera lake, monga maliro, ana obadwa, maukwati, matenda, osamuka ndi obwerera mu mpingo, ndipo mlembi asandutse zimenezi magulu a zochitika, osati mndandanda wa anthu. Kalatayo ikalembedwa iwerengedwe mokweza pamaso pa komiti, aliyense akumva m'malo mwa munthu wina, wina ngati mayi wamasiye wa posachedwa, wina ngati wodulidwa, wina ngati wachinyamata wa kalasi amene sanabatizidwe, wina ngati wosauka amene sanathe kupereka. Chiganizo chimene mmodzi mwa awa angagwetse nacho nkhope chikonzedwe. Mawu 300 ndi okwanira pa mwambo umene uli kale wautali, ndipo pempho la chakhumi kapena la ndalama za denga liikidwe m'chilengezo china, pakuti likangolowa anthu amaona moni yense ngati nyambo.

Maina ali ndi malo ake ndithu. Pa nthambi yaing'ono ya kumudzi, pamene mabanja ndi ochepa ndipo onse amadziwana, kukumbukira omwalira a chaka chimenecho powatchula n'kotheka, malinga mndandandawo utsimikizidwe ndi kaundula wa mpingo ndipo mabanja avomereze. Pa mpingo waukulu wa m'tauni, dzina liyende njira ina, ndiyo yakuti mkulu wa dera atenge kalata yomweyo, alembepo pamanja mzere umodzi wa banjalo, n'kukaipereka yekha kwa oferedwa, odwala ndi okalamba amene sanathe kufika ku tchalitchi.