Kudula foni si mwano

Mlongo wanga amagulitsa salaula ku Kamwala. Tsiku lina masana, makasitomala ali pamaso pake, foni inalira. Mwamuna waulemu anamutchula dzina lake lonse, nati akutuma kuchokera kubanki. Anati wina akuyesa kutapa ndalama mu akaunti yake, ndipo kuti aitseke msanga, amtumizira manambala pa meseji oti awawerenge mokweza. Asanamalize kulankhula, meseji inalowadi, yochokera kubanki yake yeniyeni. Anawerenga manambala aja. Pamene ankadula foni, K3,800 ya bero la mawa inali itapita.

Sindimuona ngati wopusa. Anachita zimene tonse tinaphunzitsidwa kunyumba: munthu wa ku ofesi akalankhula, umamva ndi kuyankha. Ulemu umenewo ndi umene akawalala akudyerapo manje. Nchifukwa chake ndikuti tiphunzire kudula foni munthu ali pakati pa mawu, osapepesa.

Chimene chinamugwetsa ndi meseji ija. Anaganiza kuti popeza munthuyo ananeneratu kuti ibwera, ndiye kuti ndi wa kubanki. Koma taonani mmene zimayendera. Kawalala amakhala kale ndi nambala yanu, mwinanso nambala ya khadi lanu. Dzina si lovuta kupeza: aliyense akayamba kutumiza ndalama pa nambala yanu, dzina limaonekera asanatsimikize. Ndiye amatsegula apu ya banki pa foni yake, nayamba kusintha pasiwedi yanu kapena kugula chinthu ndi khadi lanu. Makina a banki amaima nkufunsa kuti, kodi ndi mwini wake? Funsolo ndi OTP imene imabwera kwa inu. Kawalala wafika pakhomo lokhoma, ndipo kiyi ili m’manja mwanu.

Choncho meseji ikalowa munthu ali pa foni, si umboni woti ndi wa kubanki. Ndi umboni woti pali wina akugogoda pa akaunti yanu nthawi yomweyo. Manambalawo amafa pakapita mphindi zochepa, ndipo nchifukwa chake amakuthamangitsani. Amati akaunti itsekedwa lero, kapena simu yanu sinalembetsedwe bwino ndi NRC, musadule, musafunse munthu. Changu chonsecho ndi chake, si chanu. Mlongo wanga atawerenganso meseji ija madzulo, anapeza kuti pansi pake panalembedwa kuti asauze aliyense manambalawo. Sanafikepo chifukwa mawu a munthu uja anali m’khutu.

Wina anganene kuti, nanga akakhala wa kubanki weniweni? Banki imatumadi foni nthawi zina. Koma wantchito weniweni safunika OTP kapena PIN yanu kuti atseke akaunti, amatseka yekha pa makina ake. Mukamudulira molakwa, mwangotaya mphindi zisanu. Mukakhulupirira molakwa, mwataya ndalama ya lendi. Ndipo musadalire nambala yooneka pa foni, chifukwa pali njira zoinamizira kuti ifanane ndi ya kampani.

Zochita nzochepa. Dulani. Kenako tumani nokha pa nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi lanu, osati imene wakupatsani munthu uja, kapena pitani ku ofesi ya banki kapena ya netiweki. Ngati pa foni patuluka kabokosi kofuna PIN inu musanayambe kalikonse, kakanizeni. Polandira ndalama safunsa PIN, amafunsa ndalama ikamatuluka. Nambala imene yakutumirani ikapereke ku ZICTA podina *707#, kuti isakadyenso wina.

Ngati mwawerenga kale manambala, musakhale pansi nkumadzitukwana. Mlongo wanga anakhala maola awiri akuchita manyazi asanandiuze, ndipo m’maola amenewo ndalama zinali zitadumphira pa nambala zina nkutapidwa. Tumani kubanki pomwepo kuti atseke khadi ndi apu, sinthani PIN, sungani mameseji onse ndi nthawi imene foni inalira, mupite nazo kupolisi. Sikuti ndalama zibwerera ndithu, koma zikali m’njira mpamene zingagwidwe. Muyembekezenso foni yachiwiri ya munthu wolonjeza kukubwezerani zimene mwaberedwa. Nthawi zambiri ndi gulu lomwelo.

Ife achinyamata ndife timaikira makolo maapu pa foni. Tisamangowasiyira apu. Tiwauzenso mawu amodzi oti aziyankha: “Ndibwera ndekha ku ofesi.” Amayi anga anayamba akana, amvekere kudulira munthu wamkulu foni nkusaleredwa. Ndinawafunsa ngati angapatse mlendo kiyi ya nyumba chifukwa wapereka moni wabwino pageti. Sabata yatha wina anawatumira za simu yawo. Anamuuza mawu aja, nadula, nkupitiriza kusankha nyemba.