Dipoziti ya malata si mpamba wa wogulitsa

Anthu akagulitsa fodya kapena soya, ambiri kuno kumudzi amathamangira kukaoda malata pagolosale za pamsika. Wogulitsa amati katundu watha, koma siyani dipoziti, abwera sabata yamawa. Ndaona makolo a ana amene ndimaphunzitsa akufika mwezi wa Disembala nyumba ili yosafolera, ndalama itapita kalekale.

Ambiri mwa ogulitsawa si akuba ayi. Vuto ndi lakuti akalandira dipoziti amaiponya m'kabati imodzi ndi ndalama za sopo ndi shuga, mawa n'kukapikulira katundu wina. Tsiku lobweza likafika, ndalama ija yasanduka makatoni a mafuta ophikira. Inu eni golosale, dipoziti ndi ya mwini wake mpaka malata atatsika m'galimoto. Isungeni payokha, kaya mu envelopu yolembedwa dzina, kaya pa nambala ina ya foni. Ngati iyenera kupita kwa amene mumapikulako, ipite ku malata okhawo, ndipo lisiti la kumeneko wogula alione.

Tiyerekeze kuti mayi wina waoda malata 30 pa mtengo wa K12,000 lililonse. Zonse pamodzi ndi K360,000. Asapereke yonse, gawo limodzi mwa magawo atatu, K120,000, ndi lokwanira kusonyeza kuti sadzathawa. Pa lisiti palembedwe kuchuluka kwa malata, kutalika kwake, geji yake, mtengo, ndalama yaperekedwa, tsiku lofika katundu ndi tsiku lobweza ndalama katundu akalephera. Mawu akuti "posachedwa" si tsiku.

Nanga atafika malata 20 okha? Mtengo wake ndi K240,000. Mayiyo akawafuna, awonjezere K120,000 basi, khumi otsalawo adzalipire akadzawaona ndi maso. Ngati 20 sangafolere nyumba yake, atenge dipoziti yake yonse, osadulako ngakhale ya mayendedwe, poti wolephera si iye.

Za mtengo muzimvana poyambirira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu idakwera anthu ali chidikirire maoda awo. Choncho lisiti linene ngati mtengo wamangidwa. Ngati sunamangidwe, wogula akhale ndi ufulu wokana mtengo watsopano n'kulandira ndalama yake.

Inu ogula, zizindikiro zoti zinthu zavuta sizibisika. Tsiku likasunthidwa kawiri, kapena mukauzidwa kuti muwonjezere ndalama katundu asanafike, itanitsani yanu. Choopsa koposa ndi pamene wogulitsa akuti mudikire ena apereke madipoziti awo kuti akubwezereni. Pamenepo ndiye kuti akukumba dzenje kuti akwirire lina, ndipo womaliza kuoda ndi amene adzagweremo. Musadikire mvula yoyamba kuti mukafunse.