Ba ticha, yambirani pa chithunzi chija cha Mosi-oa-Tunya atauma

Amene munali ndi foni mu Disembala 2019 mukuchikumbuka. Chipupa cha mwala wakuda, chouma gwa, tumadzi tukudontha pakona, ndipo pansi pake mawu akuti Victoria Falls yauma. Ine anandituma ba anti a ku Lusaka, ati mwana wanga, ndi zoona izi kwanuko? Ife a Livingstone tinaseka chabe, koma anthu ogwira ntchito m'malochi ndi ogulitsa ziboliboli sanaseke, chifukwa mlendo wa kutali akaona chithunzi chotero amayamba kuganiza kawiri asanagule tikiti.

Ndabweza nkhani yakaleyi chifukwa cha inu ba ticha. Ana anu amalandira zithunzi maningi pa WhatsApp ndi TikTok, ndipo kuwauza kuti osakhulupirira zonse za pa foni sikuwapatsa chochita. Chithunzi cha mathithi ndi chabwino kuyambirapo chifukwa malowo ali makilomita pafupifupi 10 kuchoka m'tauni, ana a ku Maramba, Dambwa ndi Libuyu ambiri anafikako kapena ali ndi wachibale wogwira ntchito kumeneko. Koma chachikulu ndi ichi: chithunzicho sichinali chopanga. Palibe amene anachotsa madzi ndi kompyuta. Mwalawo unaumadi. Chimene chinasokoneza anthu ndi mawu amene anayenda nacho.

Nthawi imeneyo chilala chinalikodi, malaiti ankazima maola ambiri chifukwa madzi anatsika ku Kariba. Pulezidenti Edgar Lungu anaika zithunzi za mwala woumawo pa Twitter mu Okutobala 2019 pokamba za kusintha kwa nyengo, kenaka mu Disembala Sky News ndi manyuzipepala akunja anatulutsa nkhani zawo. Pofika m'mafoni athu, nkhani ya madzi ochepa inali itasanduka nkhani yakuti mathithi atha.

Manje mukalowa m'kalasi, musayambe ndi kufunsa kuti ndi choona kapena ndi chabodza. Ana adzagawikana, aphokoso adzapambana, piriyodi yatha. Onetsani chithunzicho mutabisa mawu ake, mufunse kuti wojambulayo anaima pati. Jambulani mzere wautali pa bolodi, ndiwo mathithi onse, mamita pafupifupi 1,700 m'lifupi. Kuyambira kumadzulo, mbali ya Zimbabwe, lembani Devil's Cataract, Main Falls, kenaka Livingstone Island, Horseshoe Falls, Rainbow Falls, ndipo kumapeto kuno kwathu Eastern Cataract. Funsani ana kuti munthu ataima pa Knife-Edge Bridge ndi foni, angajambule gawo lalikulu bwanji la mzerewu. Adzaona okha kuti ndi kachidutswa chabe, ndipo ndi kachidutswa ka kum'mawa.

Apa ndi pamene pali fungulo. Mbali ya kum'mawa imakhala ndi madzi ochepa kwambiri, mwina kuuma kumene, chakumapeto kwa chilimwe chaka chilichonse, ngakhale chaka cha mvula yabwino. Madzi akachepa amatsata kumene mtsinje uli wozama, ku Main Falls ndi Devil's Cataract, kumene amagwa chaka chonse. Komanso ZESCO imapatutsa madzi ena kumtunda kwa mathithi mbali yathu ino kuti apite kumakina a magetsi. Ndiye munthu mmodzi, tsiku limodzi, akhoza kujambula mwala wouma, n'kuyenda kupita tsidya lina n'kujambula madzi akugwa mwamphamvu. Zithunzi ziwirizo n'zoona zonse, ndipo m'masiku amenewo anthu a zokopa alendo ankachita ndendende zimenezo, kutumiza za madzi kuti ayankhe za mwala.

Funso lachiwiri ndi lakuti anajambula liti, ndipo apa ana ambiri amagwa. Amaganiza kuti mvula ikayamba mu Novembala ndiye kuti mathithi adzaza. Iyayi. Madzi amene timaona pano amachokera kutali, ku Angola ndi ku North-Western, ndipo amachedwa m'chigwa cha Barotse asanatifike. N'chifukwa chake mathithi amatsika kwambiri cha mu Novembala ndi kuchiyambi kwa Disembala, n'kudzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itasiya kale kuno. Mwana akadziwa kalendala imeneyi akhoza kuwerenga chithunzi ngati kalata. Anthu ali pa Knife-Edge zovala zili zouma ndipo phompho likuoneka mpaka pansi? Ndi nyengo ya madzi ochepa. Avala malenikoti, kumbuyo kuli utsi woyera wokhawokha? Ndi cha mu Epulo. Akusambira mu Devil's Pool? Sizingakhale mu Epulo, chifukwa dziwelo limatsegulidwa madzi akatsika. Ndiye wina akatumiza chithunzi cha mwala wouma mu Meyi n'kulemba kuti lero, mwana wa Giredi 8 amugwire asanayatse n'komwe data.

Ndipo zimenezi zimachitika. Zithunzi za 2019 sizinafe. Mu Epulo 2020 madzi anabwerera ndi mphamvu, nthawi imene korona inatsekereza alendo, koma zithunzi za mwala zili m'mafoni mpaka lero, ndipo chilala chikabwera ngati cha 2024, sipakhala chovuta kuti wina achotse chakale n'kuchiika mawu atsopano.

Foni ibwere pambuyo pa maso, ndipo foni imodzi ya ticha ndi yokwanira, poti masukulu ambiri salola ana kubwera nazo. Tsegulani apu ya Google, dinani kachizindikiro ka kamera, ndiko Google Lens, musankhe chithunzicho. Ngati ndi sikirinishoti yokhala ndi mawu pamwamba ndi pansi, yambani mwadula mawuwo kuti patsale chithunzi chokha, apo ayi makinawo akhoza kukubweretserani zotsatira za mawuwo. Chimene mukufuna ndi malo ena amene chithunzi chomwecho chinatulukapo, ndi deti lake. Njira ina ndi tineye.com, kumene mukaika chithunzi mukhoza kusankha "Oldest" kuti muone kope lakale kwambiri limene iwo analipeza. Uthenga ukati dzulo koma chithunzi chili m'nyuzipepala ya 2019, mlandu watha. Lembani deti limenelo pa bolodi, ndipo muwerengere ana mawu amene nyuzipepalayo inaika pansi pa chithunzicho, chifukwa nthawi zambiri amatchula malo, tsiku ndi dzina la wojambula, zimene uthenga wa pa foni unataya panjira.

Koma muwauzenso pamene njirayi imathera, asakuyeseni mfiti. Kope lakale kwambiri limene TinEye yapeza sikuti ndilo loyamba padziko, ndi limene makinawo anafikapo chabe. Za m'magulu a WhatsApp sangazione. Kusapeza kalikonse sikutanthauza kuti chithunzi ndi choona: mwina ndi chatsopano, mwina wina anachitembenuza kapena kuchidula. Zithunzi zofananako n'zimene zimapusitsa ana kwambiri, chifukwa Lens idzabweretsa mathithi ambirimbiri, ndipo mwana adzafuula kuti wachipeza pamene mwala wake ndi wina. Ayerekeze zinthu ziwiri kapena zitatu, mng'alu wa pamwala, mtengo, mtambo. Ndipo deti limene foni ikuonetsa pa chithunzi cha pa WhatsApp ndi tsiku limene munachilandira, osati limene chinajambulidwa, poti WhatsApp imafufuta zolembedwa za kamera chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse. Kaja kakuti "Forwarded many times" kakungonena kuti uthengawo wadutsa m'manja ambiri. Sikakunena kuti ndi woona kapena wabodza.

Ena adzafunsa za zithunzi zopangidwa ndi kompyuta, monga chija cha Papa Francis atavala chijekete choyera chotupa mu Malichi 2023. Kuwerenga zala ndi kuyang'ana zilembo zopindika kumathandizako, koma makinawo akuwongokera, ndiye musamangire phunziro lonse pamenepo. Funso lakuti ndani anayamba kuchitulutsa, ndipo ndani winanso anajambula chinthu chomwecho, limagwira ntchito pa chopanga ndi pa chenicheni. Tsiku limene Main Falls idzaume, sitidzamvera pa chithunzi chimodzi. Aliyense wa pa boda ndi wa matekisi adzakhala ndi chake, ndipo Zambezi River Authority, imene imayeza madzi a mtsinjewu, idzakhala ndi manambala.

Gawo limene ine ndimalikonda silifuna bandulo. Tulutsani ana panja, muwagawe pawiri. Gulu loyamba lijambule sukulu yanu kuti ioneke ngati inatsekedwa kale: kalasi yopanda anthu, windo losweka, udzu wautali kuseri kwa zimbudzi. Gulu lachiwiri lijambule kuti ioneke yodzaza mpaka kusowa popondera, pampopi nthawi ya buleki. Lamulo ndi lakuti asasunthe chinthu, asauze munthu kuti aime pakuti. Muziika pamodzi n'kufunsa kuti wanama ndani. Palibe wanama, koma sukulu zatuluka ziwiri. Mwana amene wachita yekha chinyengo chimenechi ndi manja ake savutikanso kufunsa chimene chatsala kunja kwa chithunzi cha wina. Samalani chabe kuti nkhope za ana zisatuluke kunja kwa kalasi, mufufute zithunzizo phunziro likatha, zisanapezeke pa sitetasi ya munthu ndi mawu akuti sukulu yagwa.

Pomaliza chigamulo, musawapatse mabokosi awiri okha. Chithunzi chikhoza kukhala chenicheni ndipo mawu ake n'kukhala oona. Chikhoza kukhala chenicheni koma mawu ananamiza malo, tsiku kapena kukula kwa nkhani. Chikhoza kukhala chosinthidwa kapena chopanga. Ndipo pali bokosi lakuti sitinadziwe, limene mwana azilandira nalo mamakisi onse ngati wafotokoza chimene wayang'ana ndi chimene chasowa, chifukwa mukamachotsa mamakisi pa yankho limeneli mukuwaphunzitsa kungolota.

Pali msampha wina wa ife a Livingstone. Chifukwa tauni ino imadya za alendo, timafulumira kunena kuti zonse za 2019 zinali boza la azungu. Mwana akalemba choncho, mubwezereni pepala. Madzi anali ochepadi chaka chimenecho ndipo chilala chinawawa anthu a ku Southern Province. Yankho limene ndingapatse mamakisi onse ndi lonena kuti chithunzicho ndi chenicheni, chikuonetsa gawo limodzi la mathithi pa nyengo ya madzi ochepa m'chaka cha chilala, koma mawu akuti mathithi auma ndi okokomeza chifukwa Main Falls inali ikugwa. Homuweki yake, aliyense alembe uthenga waufupi umene angayankhe nawo wachibale wamkulu amene watumiza chithunzicho pa gulu la banja, mwaulemu wake, wotchula malo, mwezi ndi chaka.