Mukuthokoza ndani, nanga anakuchitirani chiyani?

Mnyamata wavala suti, waima pakhomo la ofesi, chiphaso cha kuntchito chikulendewera pakhosi. Pansi pa chithunzicho walemba kuti akulengeza modzichepetsa kwambiri kuti mwa anthu ambirimbiri amene anafunsira ntchitoyo, wasankhidwa ndi iye. Kenako akuthokoza "aliyense amene anandithandiza", n'kumaliza ndi mawu akuti adani achite manyazi. Mauthenga otere tikuwaona tsiku ndi tsiku pa Facebook ndi pa LinkedIn, ena m'Chingerezi, ena m'Chichewa. Koma kodi munthu wodzichepetsa amachita kunena yekha kuti ndi wodzichepetsa? Nanga "aliyense" ameneyu ndani, amakhala kuti, analandira bwanji zikomo wakeyo?

Sitikuti munthu abise ntchito. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anzako akale ayenera kudziwa kumene uli, ndipo amene anakuvutikira ayenera kusangalala nawe. Vuto lili pa kuthokoza kopanda mwini, kumene kumangokhala chovala cha kudzitama.

Owerenga sapusitsika nazo. Mu 2018 Ovul Sezer ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa khalidwe lodzitama mobisalira m'mawu odzichepetsa kapena odandaula. Anapeza kuti anthu amanyansidwa ndi wodzitama mobisa kuposa wodzitama poyera, chifukwa wobisayo amamuona kuti ndi wachiphamaso. Ndiye mawu aja akuti "sindikudziwa kuti anaona chiyani mwa ine" akukupindulirani chiyani, pamene mzere wotsatira mwandandalika madigiri anu onse?

Tiyerekeze mtsikana wowerengera ndalama amene wagwira zaka zitatu pa kampani ina yaing'ono ku Mzuzu, ndipo tsopano wapeza ntchito ku Lilongwe. Poyamba walemba chonchi: "Patatha zaka zambiri ndikulimbikira usiku ndi usana, khama langa labala zipatso. Ambiri ankandikayikira koma lero ndi ine pano. Zikomo nonse." Werengani kuti mawu angati akunena za iye. Pafupifupi onse. Othokozedwa apatsidwa mawu awiri okha, ochepa kuposa amene apatsidwa omukayikira aja. Kodi uthenga umenewu walembera amene anamuthandiza, kapena amene akufuna kuwapweteka mtima?

Tsopano alembenso: "Sabata yatha ndayamba ntchito yowerengera ndalama pa kampani yakutiyakuti ku Lilongwe. Ndikuthokoza Mayi uje, bwana wanga ku Mzuzu, amene chaka changa choyamba ankatsala nane mpaka mdima pakutha pa mwezi, kundionetsa mmene timafananitsira mabuku athu ndi sitetimenti ya kubanki. Ndikuthokozanso achimwene, amene anandilipirira mayeso kawiri, chifukwa ulendo woyamba ndinalephera. Anzanga a ku Mzuzu, ndidzakusowani." Mawu akuti kudzichepetsa mulibemo, koma ndani angawerenge zimenezi n'kunena kuti mwanayu ndi wamatama? Nkhani ya ntchito yatha m'chiganizo chimodzi, ndipo ili koyambirira, poti pa foni uthenga wautali umadulidwa pakangotha mizere iwiri kapena itatu. Pafupifupi malo onse otsala wawapereka kwa anthu awiri ndi zimene anachita. Watchulanso kulephera kwake, osati kuti timumvere chisoni, koma chifukwa popanda kulephera kumeneko sitingamvetse kukula kwa zimene achimwene ake anachita. Mayi uja akawerenga adzakumbukira madzulo amenewo. "Nonse" sakumbukira kanthu.

Komatu kutchula anthu kuli ndi msampha wake. Mwawapempha? Alipo amene anakulemberani kalata yokuchitirani umboni mwakachetechete, abwana awo osadziwa. Alipo amene anangokutsinani khutu kuti kwakuti kuli malo. Kuno kwathu, kumene nkhani ya kukondera polemba ntchito siichoka pakamwa, kulemba kuti "zikomo amalume pondilowetsa" n'kuwaika amalumewo pa moto, ngakhale inu munakhoza intavyu mwachilungamo. Anzanu atsopano adzakuonani bwanji Lolemba m'mawa? Anthu otere athokozeni pa foni kapena muwapeze kunyumba. Ndipo mukatchula anthu khumi ndi asanu, amene mwamuiwala adzamva kuwawa kuposa mmene akanamvera mukanatchula awiri okha.

Za Mulungu tisazembe. Ambiri mwa ife timayamba ndi kuyamika Chauta, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma pamene mukulemba kuti Mulungu wakukwezani pamaso pa adani anu, mukuyamika kapena mukutukwana? Amene awerenge uthengawo ndi anzanu a m'kalasi, ena mwa iwo akuyendabe ndi envelopu ya khaki ofesi ndi ofesi, nsapato zitatha chidendene. Kodi iwowa Mulungu anawaiwala? Simukuyenera kupepesa chifukwa chopeza ntchito, ayi. Koma simukuyeneranso kuwalalikira kuti akadalimbikira ngati inu akanapeza.

Nanga mukulengeza liti? Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuimbiridwa foni kuti mwapambana si ntchito. Ntchito ndi kalata yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Ngakhale kalatayo ilipo, kodi abwana anu akale amva kuchokera kwa inu, kapena amva kwa mlonda amene waona pa Facebook? Lamulo la ntchito la Malawi la chaka cha 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi. Perekani notisiyo, tsanzikani maso ndi maso, kenako lembani. Lamulo lomwelo limalola kuti wantchito waluso ayambe wayesedwa kaye kwa nthawi yosapitirira miyezi khumi ndi iwiri, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ingathe kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Sitikuti mudikire chaka chathunthu. Koma kudikira kuti mulowe mu ofesi, mukhalepo sabata imodzi kapena ziwiri, mufunsenso ngati kampaniyo ili ndi malamulo pa zolengeza zotere, kukuvutani pati? Uthenga wofufutidwa patatha mwezi anthu amaukumbukira kuposa umene unachedwa.

A pa LinkedIn asamalenso ndi kabatani ka `Notify network`. Mukamalemba ntchito yatsopano pa mbiri yanu kabataniko kali kotsegula, anthu amene mumalumikizana nawo akhoza kuuzidwa inu musanakonzeke. Katsekeni, mulembe mawu anuanu tsiku limene mwasankha. Chithunzi cha kalata ya ntchito kapena chiphaso musaike. Pamakhala malipiro, manambala ndi siginecha za anthu ena.

Kwatsala kuntchito kwakale. Mwina munachokako mtima ukuwawa, malipiro ankachedwa, bwana anali wolusa. Kodi muname kuti kunali ngati kwanu? Musaname, komanso musaponye mwala ndi mawu ngati "potsiriza ndapeza malo amene amadziwa kufunika kwanga". Abwana atsopano akuwerenga, ndipo akudziwa kuti tsiku lina mudzalemba za iwo. Fufuzani chinthu chimodzi choona chimene munaphunzirako, kapena mnzanu mmodzi amene ankakugawirani nsima masiku a pakati pa mwezi. Ngati palibiretu, tchulani zaka zimene munagwirako n'kupitirira.

Inu amene mukuyamba ntchito mwezi uno, musanalembe chilichonse tengani foni muwaimbire Mayi uje. Amve mawu anu kaye, asanaone dzina lawo pa Facebook.