Kalata yotseguka kwa Mkulu wa MACRA: intaneti ikadukiza, makasitomala auzidwe zoona

Kwa Mkulu wa bungwe la MACRA,

Bwana,

Lamulungu pa 12 Meyi 2024, zingwe ziwiri za intaneti zodutsa pansi pa nyanja ya mchere, EASSy ndi SEACOM, zidaduka kufupi ndi Durban ku South Africa. Intaneti idayamba kuyenda mokwawa ku Malawi, Mozambique, Tanzania, Kenya, Uganda ndi Rwanda. Dziko lino lilibe doko la pa nyanja ya mchere, choncho deta yake imayenda pa zingwe za pamtunda kudzera m'mayiko oyandikana nalo kuti ikalumikizane ndi za m'nyanja m'malo ngati Dar es Salaam ndi Maputo. Zinthu zikalakwika kumeneko, mlimi wa mpunga ku Limphasa amalephera kutumiza chithunzi cha matumba ake kwa wogula wa ku Mzuzu. Kalata ino ikupempha MACRA kuti ikhazikitse lamulo lakuti zoterezi zikachitika, kampani iliyonse ya mafoni izilembera makasitomala ake kalata yofotokoza bwino lomwe zomwe zachitika.

Choyamba, kalatayo itchule gwero la vuto. Mawu akuti "tikukumana ndi zovuta pa netiweki" sathandiza munthu, chifukwa magwero alipo angapo ndipo lililonse lili ndi zizindikiro zake. Chikaduka chingwe cha m'nyanja, foni imaonetsa kuti netiweki ndi yodzadza, kuimba ndi mameseji zimatheka, koma WhatsApp ndi Facebook zimavuta m'dziko lonse. Chikaduka chingwe cha pamtunda, kaya ndi okonza msewu, madzi osefukira kapena akuba, lovutika ndi dera lomwe chingwecho chimadyetsa, ndipo nthawi zina ngakhale kuimba kumakanika. Magetsi akathima pa nsanja, mabatire n'kutha, jenereta ilibe mafuta, netiweki imasoweratu pa foni. Wogwiritsa ntchito foni akauzidwa kuti vuto ndi liti, amadziwa ngati kukwera njinga kupita ku Chintheche kungamuthandize kapena kungomutopetsa chabe.

Chachiwiri, kalatayo ipereke nthawi ndi malo: tsiku ndi ola lomwe vuto lidayamba, ola lomwe lidatha, ndi maboma omwe adakhudzidwa. Ngati silinathe, kampani inene tsiku lomwe idzalankhulenso, m'malo molonjeza kuti zikhala bwino "posachedwa". Chingwe cha m'nyanja sichilumikizidwa tsiku limodzi. Sitima yapadera imayenera kufika pamalopo, kuvuula mbali zodukazo, kuzilumikiza ndi kuzimizanso, ndipo mu 2024 ntchitoyi idatenga masabata.

Chachitatu ndi chipukutamisozi. Bandulo imagulitsidwa ndi nthawi yake yothera, ndipo nthawiyo siima intaneti ikaima. Munthu akagula bandulo ya masiku 7 Loweruka, intaneti n'kusowa Lamulungu ndi Lolemba, ndiye kuti walipira masiku 7 koma wapatsidwa 5. Kalata yachilungamo inene kuti masiku awiriwo awonjezedwa pa bandulo yake popanda iye kupempha, ndiponso kuti yemwe bandulo yake ya tsiku limodzi idathera mkati mwa vutolo abwezeredwa yonse. Makompyuta a kampani amasunga ola lomwe bandulo iliyonse idagulidwa, motero kuwerengera kwake n'kotheka.

Chachinayi, kalatayo inene zomwe zisinthe, chilichonse ndi tsiku lake. Phunziro la 2024 ndi lakuti kukhala ndi zingwe ziwiri sikukwanira ngati zonse zikudutsa malo amodzi. EASSy ndi SEACOM zidadukira dera limodzi, pamene zingwe zitatu za ku Nyanja Yofiira zinali zitaduka kale mu Febuluwale chaka chomwecho, kotero njira ya kumpoto nayonso inali yopanikizika. Kampani yonena kuti ili ndi njira yachiwiri ifotokoze kuti njirayo imatulukira malire ati, imakafika gombe liti, komanso ingasenze gawo lanji la deta njira yoyamba ikaduka. Ngati vuto linali la magetsi, inene kuti mabatire a pa nsanja azitha kugwira ntchito maola angati.

Pomaliza, uthengawo ufike kwa eni ake. Chilengezo choikidwa pa Facebook sichingawerengedwe ndi munthu amene alibe intaneti. Chidule chake chitumizidwe pa meseji ndi kuulutsidwa pa wailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chitonga chomwe chimalankhulidwa kuno ku Nkhata Bay.

Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 lidapatsa MACRA udindo woteteza ogwiritsa ntchito mafoni ndi intaneti. Bungweli liike malire a masiku omwe kalata yotere iyenera kukhala itatuluka, lizilandira kope lake, ndipo masiku olonjezedwawo akakwana lizifunsa kampani ngati zomwe idalonjeza zachitikadi.

Mwaulemu,
Wogwiritsa ntchito foni,
Limphasa, Nkhata Bay